Pepala lathu la nyimbo latibalalitsa pa kolasi, tizililemba bwanji?

Mlembi_Chinamwali
Moni nonse. Ndine mlembi wa kwaya ya mpingo wathu kuno ku Chinamwali, ndipo kulemba mawu a nyimbo kumagwera ine. Lamulungu lapitali kunali mwambo wa masika, ndiye tinaimba nyimbo yatsopano yomwe anapeka mnyamata wathu wina. Vesi yoyamba inayenda bwinobwino. Titafika kumapeto kwa kolasi, pomwe ndinalemba x2, kwaya inagawika patatu. Masopulano anabwerera poyambira kolasi, matena anabwereza mzere womaliza wokha, mabesi ena n'kulowa vesi yachiwiri. Mpaka lero mtima ukundiwawa chifukwa pepalalo ndinalemba ndine. Linali chonchi:

```
Mvula yagwa m'munda mwanga chimanga chacha nkhokwe
yadzaza ndabwera ndi dengu pamutu kudzathokoza Mwini
nthaka ndatula dengu langa pakhomo panu ndatula mtima
wanga pakhomo panu Mbuye x2
```

Tilipo 28, ndipo pakatha masabata awiri tikaimba nyimbo yomweyi ku Domasi pa msonkhano wa makwaya. Ndilikonze bwanji kuti munthu akangoponyapo diso adziwe pomwe tili?

Besi_wa_Sadzi
Amayi, vuto si pepala. Nyimbo sinalowe m'mutu. Kwathu timaloweza, pepala timasiya kunyumba.

Mlembi_Chinamwali
Achimwene, nyimboyi tinaiphunzira Lachinayi ndi Loweruka basi, ndipo ena Loweruka anali kumaliro ku Jali. Kuloweza tiloweza, koma pakadali pano pepala likufunika.

Chikanda_Tena
Tumizani chuni chake ndikulembereni solofa. Mukakhala ndi d r m pamwamba pa mawu palibe angasochere.

Aluto_Mpondabwino
Sanafunse za chuni achimwene, werenganinso. Chuni onse amachidziwa. Chomwe sanadziwe ndi koti apite akamaliza kolasi.

Mphunzitsi_Wopuma
Amayi a ku Chinamwali, musadziimbe mlandu kwambiri. Mwalemba mawu olondola, kungoti mwawalemba ngati kalata. Kalata munthu amawerenga atakhazikika, diso lili pa pepala nthawi yonse. Woimba sachita choncho. Amayang'ana pepala, n'kudzutsa mutu kuona kwayamasita, kenako n'kubwereranso. Pobwererapo ayenera kupeza malo ake nthawi yomweyo. Pa pepala lanulo mizere yonse ndi yofanana kutalika, ndiye diso lilibe pogwira.

Tiyambe ndi kudula mizere. Dulani pomwe oimba amakokera mpweya. Musalole kuti mapeto a pepala akudulireni. Taonani "nkhokwe" ili pamzere wina, "yadzaza" pamzere wina, "Mwini" uku, "nthaka" uko. Munthu akafika kumapeto kwa mzere amapuma mwachibadwa, ndiye pa anthu 28 ena adzapuma pakati pa "Mwini" ndi "nthaka", mawu n'kuduka. Chitani chonchi: imbani nokha nyimboyo pang'onopang'ono muli ndi pensulo, paliponse mwakoka mpweya ikanipo kamzere. Timizere timeneto ndiye podula panu. Ndikuganiza kuti zituluka motere, koma mukonze ngati chuni chake chikupumira pena:

```
VESI 1
Mvula yagwa m'munda mwanga,
chimanga chacha, nkhokwe yadzaza.
Ndabwera ndi dengu pamutu
kudzathokoza Mwini nthaka.

KOLASI (yonse kawiri)
Ndatula dengu langa
pakhomo panu,
ndatula mtima wanga
pakhomo panu, Mbuye.
```

Pakati pa vesi ndi kolasi siyani mzere umodzi wopanda kanthu. Mkati mwa vesi musasiye mpata wotere, chifukwa mpata ndi umene ukuuza diso kuti gawo latha.

Tsono x2 uja. Mwamuika kumapeto kwa mzere womaliza, ndiye matena anu sanalakwe: iwo anaona kuti akunena mzere womwe waimirana nawo. Masopulano nawo sanalakwe. Chizindikiro chobwereza chiyenera kuyankha mafunso awiri, kuti tikubwereza chiyani, ndipo kangati. Komanso chikhale pamwamba, pamutu wa gawolo, kuti woimba adziwe asanalowe. Akachipeza kumapeto amakhala atatsitsa kale mawu ngati akumaliza.

Wakiyibodi_Matawale
Aphunzitsi anena zoona pa za mizere, koma pa zobwereza bwanji osagwiritsa ntchito zizindikiro zenizeni za nyimbo? Ikani `|:` poyambira ndi `:|` pothera, chilichonse chili pakatipo chibwerezedwe. Ndipo pansi pa vesi iliyonse lembani D.C., kutanthauza kuti bwererani ku kolasi. Kulemba "yonse kawiri" kukudya malo.

Mphunzitsi_Wopuma
Pa `|:` ndi `:|` mukulondola, ntchito yake ndi imeneyo, ndipo ubwino wake zimaonetsa poyambira ndi pothera. Koma D.C. satanthauza kolasi. Ndi chidule cha mawu a Chitaliyana akuti da capo, kunena kuti bwererani kumutu, koyambirira kwenikweni kwa nyimbo. Nyimbo ikakhala yoyamba ndi kolasi, D.C. amakufikitsanidi ku kolasi, mwina n'chifukwa chake ambiri amaganiza choncho. Nyimbo ya amayiwa ikuyamba ndi vesi. Mukalemba D.C. pansi pa vesi yachiwiri, wodziwa bwino zizindikiro adzabwerera ku "Mvula yagwa" anzake ali pa "Ndatula". Chobwezera munthu pakati pa nyimbo ndi D.S., ndipo chimafuna kuti pamalo pobwererapo pakhale chizindikiro chake.

Wakiyibodi_Matawale
Za D.C. ndavomera, ndinkazitenga molakwika. Koma timadontho tija sindikutisiya. Mu kwaya yathu aliyense amatidziwa.

Aluto_Mpondabwino
Mu kwaya yanu ya achinyamata. Kwathu mayi wina anawerenga `:|` ngati dothi la pa fotokope, n'kumalipukuta ndi chala. Komanso timadonthoti tikadutsa mu makina kawiri katatu sitionekanso.

Namiwawa_Sopulano
Ine funso langa ndi la x2 yemweyo. Kodi akutanthauza kuimba kawiri konse, kapena kuimba kamodzi n'kubwerezanso kawiri? Tinakanganapo pa ukwati wa mchemwali wanga. Akwayamasita ankati katatu, ife tinkati kawiri.

Besi_wa_Sadzi
Kawiri konse. Palibenso nkhani apa.

Thondwe_Kwaya
Nkhani ilipo. Kwathu tikalemba "bwerezani x2" timaimba katatu. Mawu oti kubwereza akutanthauza kuti koyamba kaja kapita kale.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwaona nokha, anthu awiri oimba bwino awerenga chizindikiro chimodzi mosiyana. Ambiri x2 amamutenga ngati kawiri konse, koma mukangoikapo mawu oti "bwerezani" kutsogolo kwake, a ku Thondwe ali ndi mfundo. Ine ndinasiya kulemba "bwerezani". Ndimalemba chiwerengero chonse cha maulendo: kawiri, katatu, kanayi. Ndipo ngati wobwerezedwa ndi mzere umodzi wokha, sindiika chizindikiro chilichonse, ndimangoulemba kawiri. Mzere umodzi sudya pepala. Kawirikawiri ulendo wachiwiri umasiyananso pang'ono ndi woyamba, mwina pawonjezeka "Mbuye" kapena "eya", ndiye kuulemba kumaonetsa kusiyanako.

Thondwe_Kwaya
Ife tizolowera zathu zomwezo, anthu anazigwira kale. Kusintha pano ndiye kungatisokoneze.

Mlembi_Chinamwali
Zikomo kwambiri aphunzitsi, mwadula ndendende momwe timapumira. Koma pali china chomwe sindinanene. Kolasiyi siimbidwa ndi onse kuyambira pachiyambi. "Ndatula dengu langa" amatsogolera mtsikana mmodzi, enafe timavomera "pakhomo panu". Lamulungu lija amayi ena analowa limodzi ndi wotsogolera. Zimenezi ndizionetse bwanji? Ndinaganiza zolemba mawu a wotsogolera ndi inki yofiira.

Wafotokope_Mtauni
Yofiira ayi amayi. Ine ntchito yanga ndi yomweyi yotayipa ndi kupanga fotokope. Makina ambiri amene mungapeze ndi a inki yakuda yokha. Zofiira zimatuluka zotuwa, nthawi zina osasiyana ndi zinazo, ndipo tona ikamatha ndi zimene zimayamba kuzimiririka. Mukapanga mapepala 28 kusiyana kwanu konse kwapita. Chimene chimapulumuka pa fotokope ndi malo amene mawu akhala ndi kunenepa kwa zilembo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndi momwemo. Mawu a wotsogolera ayambire kumanzere kwenikweni, a ovomera alowe mkati pang'ono ndipo akhale a zilembo zonenepa, popeza ndi amene anthu ambiri akuwafuna.

```
KOLASI (yonse kawiri)
Mmodzi: Ndatula dengu langa
        ONSE: pakhomo panu,
Mmodzi: ndatula mtima wanga
        ONSE: pakhomo panu, Mbuye.
```

Ndalemba "Mmodzi" ndi "ONSE" dala. Ena amafupikitsa kuti W ndi O, wotsogolera ndi ovomera, koma pakakhala otsogolera awiri mumapezeka muli ndi O ndi O. Mukalowetsa mkati chonchi, ngakhale munthu amene sawerenga msanga amaona mawonekedwe ake: kumanzere si kwanga, kumanja ndi kwanga.

Gogo_wa_Mvano
Ana anga, ine ndili ndi pempho limodzi. Kulitsani zilembo. Ife a Mvano maso anatopa, ndipo m'tchalitchi mwathu kukachita mitambo ya mvula mumada ngati madzulo. Pepala lina anatipatsa nyimbo zinayi pa tsamba limodzi, tizilembo ngati nyerere. Ndinangoligwira m'manja kuti anthu asadabwe, koma ndinkaimba zotsatira mnzanga wa pambali.

Aluto_Mpondabwino
Agogo mwandikumbutsa pa siwa ku Songani mwezi watha. Magetsi anathima, tinkawerenga ndi tochi ya foni anthu atatu pepala limodzi. Mphepo ikuwomba, pepala likupindika.

Besi_wa_Sadzi
Pa siwa pomwe ndi pepala? Nyimbo za pamaliro munthu amakula nazo.

Aluto_Mpondabwino
Inali nyimbo yomwe malemuwo ankaikonda, ya Chiyao, ndipo ambirife Chiyao sitichidziwa bwino. Anamfedwa anapempha. Tikanakana?

Besi_wa_Sadzi
Pamenepo ndamva, pepani achemwali.

Chikanda_Tena
Nkhani ya Chiyao ndi yoona, kuno ku Zomba sungaithawe. Ife tikamaimba ya chilankhulo china timalemba tanthauzo m'Chichewa pansi pa mzere uliwonse.

Namiwawa_Sopulano
Pansi pa mzere uliwonse? Ndiye wina adzaimba tanthauzolo. Liikeni pansi penipeni pa tsamba, nyimbo itatha.

Wafotokope_Mtauni
Tibwerere kwa amayi a ku Chinamwali ndi pempho la agogo, chifukwa ziwirizi zikukokana. Amayi, nyimbo yanu ili ndi mavesi angati, ndipo imatha bwanji?

Mlembi_Chinamwali
Mavesi atatu, iliyonse mizere inayi. Kolasi imabwera ikatha vesi iliyonse. Pomaliza pali mizere iwiri yotsekera yomwe timaimba pang'onopang'ono.

Wafotokope_Mtauni
Chabwino, tiwerengere limodzi. Pepala la A4, m'mbali mukasiya momwe Word imasiyira yokha, zilembo za Arial pa saizi 16, mizere yosatalikirana, mumalowa mizere pafupifupi 37. Pa saizi 14 mumalowa pafupifupi 43.

Tsono nyimbo yanu. Mutu wa nyimbo ndi mzere umodzi wa pansi pake, iwiri. Mavesi atatu, iliyonse ndi kamutu kake, 15. Kolasi ndi kamutu kake, 5. Zotsekera ndi kamutu kake, 3. Mipata ya pakati pa magawo, 7. Mukalemba kolasi yonse kamodzi kokha, kwinako n'kungoika mawu oti KOLASI pa mzere wakewake, mukuwonjezera iwiri, zonse pamodzi 34. Zikukwana pa saizi 16, agogo awerenga. Mukafuna kolasi yonse ilembedwe katatu, mwawonjezera mizere 8, zafika 42. Pamenepo muyenera kutsika pa 14, ndipo tsamba ladzaza mpaka pansi.

Za kutayipa kwake, mkati mwa vesi dinani `Shift+Enter` potsika mzere, `Enter` yekha mudine vesi ikatha. Mu Word ya masiku ano `Enter` amasiya kampata pansi pa mzere uliwonse, ndiye mukamudina paliponse mizere 34 ija sikwananso pa tsamba limodzi. Timitu ndi mawu a ONSE muwanenepetse ndi `Ctrl+B`. Musaike mawu pakati pa tsamba ngati ndakatulo ya pa khadi la ukwati, onse ayambire kumanzere kuti diso lizibwerera pamalo amodzi.

Mukamaliza sungani ngati PDF musanabwere nazo kwa ife. Fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina yomwe ilibe mtundu wa zilembo zanu, mizere imasuntha, ndipo mzere womaliza umatha kugwera tsamba lachiwiri.

Wakiyibodi_Matawale
Bwanji osagawa tsamba pawiri, mbali iyi ndi mbali iyo? Zonse zikwana, kolasi katatu, saizi 16 yomweyo.

Wafotokope_Mtauni
Ndinaziganizira. Mukagawa pawiri pa saizi 16, mbali iliyonse imalola zilembo 26 kapena kuposerapo pang'ono. "chimanga chacha, nkhokwe yadzaza" yadutsa 30. Ndiye "yadzaza" agwera pansi payekha, tabwerera ku vuto lomwe aphunzitsi achotsa lija. Kugawa kumayenda pa nyimbo za mizere ifupiifupi.

Mphunzitsi_Wopuma
Pa ziwiri zomwe awerengera achimwenewa, ine ndikanasankha saizi 14 ndi kolasi yolembedwa katatu. Nyimbo ikakhala yatsopano, diso liziyenda kutsika basi, osadumpha kubwerera m'mwamba. Pobwerera m'mwambamo ndi pomwe anthu amatayika, chifukwa akamaliza kolasi ayenera kukumbukira kuti anachokera vesi iti.

Gogo_wa_Mvano
Aphunzitsi, pamenepo ndikutsutsani. Kolasi ndi imene imayamba kulowa m'mutu, pofika vesi yachiwiri palibe amaiyang'ananso. Chomwe timafuna kuona ndi mavesi. Ndipatseni zilembo zikuluzikulu, kolasi ndiipeza ndekha.

Mphunzitsi_Wopuma
Kolasi iyi ndi yaifupi ndithu, mwina mukulondola mayi. Ikanakhala ya mizere isanu ndi itatu sindikanagonja. Amayi a ku Chinamwali ndi amene akuwadziwa anthu awo.

Mzere wa pansi pa mutu uja, womwe auwerengera kale, muugwiritse ntchito polemba ulendo wonse wa nyimbo:

```
V1 - K - V2 - K - V3 - K - MATHERO
```

Woimba kiyibodi ndi wa ng'oma mzere umenewu ndi umene amaufuna kuposa mawu. Ndipo ngati kolasi yomaliza ikusiyana ndi zinazo, lembani pomwepo pa kamutu kake, monga "KOLASI (katatu, kachitatu popanda zoimbira)". Musadalire kuti munanena pakamwa Loweruka, poti ena Loweruka kunalibe.

Wakiyibodi_Matawale
Mzere umenewo ndiye ndaukonda. Ndipempheko kuti kiyi ilembedwe pafupi ndi mutu. Makodi ndilemba ndekha pa pepala langa, ndaona kuti pa la oimba angothina.

Aluto_Mpondabwino
China chomwe palibe wanena. Kodi tizilemba mawu momwe amalembedwera kapena momwe timawaimbira? Kwathu tinali ndi mzere woti "ndi ana anga", koma poimba umamveka "ndi an'anga". Atsopano ankatchula zonse, n'kumatsalira m'mbuyo.

Mphunzitsi_Wopuma
Momwe mumaimbira. Chuni chili ndi malo owerengeka, ndipo "ana anga" akudya malo anayi pamene "an'anga" akudya atatu. Mukalemba zonse, wowerenga adzafuna malo achinayi omwe kulibe. N'chimodzimodzi "Ambuye" ndi "Mbuye": amayiwa alemba "Mbuye", ndiye asasinthe pa vesi ina pokhapokha chuni chikulola. Chenjerani pokha pomwe kufupikitsa kukusintha tanthauzo. "Kwa Inu" mukamufinya n'kukhala "kwanu" mwanena zina. Pamenepo siyani mawu onse awiri, oimba muwaphunzitse pakamwa kuwalumikiza.

Namiwawa_Sopulano
Nanga ife amene timangotumizirana pa WhatsApp? Ndalama ya fotokope sipezeka nthawi zonse.

Wafotokope_Mtauni
Pa WhatsApp timitu mutha kutinenepetsa poika nyenyezi uku ndi uku, chonchi `*KOLASI*`. Vuto ndi loti foni iliyonse imadula mzere wautali malinga ndi kukula kwake ndi saizi ya zilembo yomwe mwini wake anasankha. Mzere womwe uli umodzi pa foni yanu, kwa mnzanu ndi iwiri. Mukatumiza PDF kapena chithunzi cha pepalalo, mizere imakhala momwe munaidulira.

Besi_wa_Sadzi
Koma kutsogolo kwa mpingo ndi mafoni m'manja ayi. Pophunzira pokha.

Thondwe_Kwaya
Amayi, pansi pa pepala latsopanolo lembani deti, ndipo akale aja muwatolere onse. Ife tinakonzapo pepala, koma theka la kwaya linabwera ndi lakale lomwe linali m'mabaibulo mwawo. Mitu yofanana, palibe anazindikira mpaka titayamba kuimba.

Mphunzitsi_Wopuma
Musanapange 28, pulintani limodzi. Mupatse munthu amene sanakhalepo pophunzira nyimboyi, aligwire motalikitsa dzanja momwe amagwirira woimba. Inu muziimba, iye azilondola ndi chala. Pakati pa vesi muuzeni ayang'ane kudenga, kenako abwerere. Pomwe chala chaima kapena chalowera kwina, pamenepo ndi pofunika kukonza.

Mlembi_Chinamwali
Ndabweranso. Ndinasankha saizi 16 monga ananenera agogo, kolasi yonse kamodzi. Ndinayesa ndi mwana wa achemwali anga wa Fomu 2, sanaimvepo nyimboyi. Analondola bwino mpaka vesi yachiwiri, koma atafika pa KOLASI wachiwiri uja anangodutsa n'kupita ku vesi yachitatu, akuti ankayesa kamutu ka vesiyo. Ndiye ndawonjezera mawu oyamba pa mzere womwewo, "KOLASI (yonse kawiri): Ndatula dengu langa...", mizere ikadali 34. Ulendo wachiwiri sanaphonye.

Dzulo pophunzira tinaimba katatu osagawika. Chatsala ndi mizere yotsekera ija. Mabesi amayamba "pakhomo" ife tikadali pa "Mbuye", mawu awiri osiyana nthawi imodzi, ndipo sindikudziwa kuti ndiwaike pamzere umodzi kapena iwiri.

Mphunzitsi_Wopuma
Iwiri, wa mabesi pansi, ndipo "pakhomo" wawo ayambire pansi penipeni pa "Mbuye" wanu. Koma pamenepa pepala la mawu okha layamba kuchepa mphamvu, chifukwa silinganene kuti alowe pa "Mbu" kapena pa "ye".

Chikanda_Tena
Apa ndiye pofunika solofa ija. Mizere iwiri yokhayo, osati nyimbo yonse. Amayi, jambulani mawu mukuimba mathero akewo munditumizire.

Besi_wa_Sadzi
Mabesi alowe pa "ye". Akalowa pa "Mbu" aphimba masopulano.

Mlembi_Chinamwali
Wopeka nyimboyo akuti pa "Mbu". Ndijambula Lachinayi tikakumana, mudzamve nokha.